Kukumbutsa kasitomala balansi yanu pa WhatsApp osayambana naye

Ntchito munagwira, munapereka, kasitomala anati zikomo zakhala bwino kwambiri, koma tsiku lolipira ladutsa ndipo foni ili zii. Apa ndi pomwe ambiri a ife ogwira ntchito patokha timalephera, kaya ndinu wojambula zithunzi, telala, wopanga maposita, wotaipa maripoti kapena wophika keke. Mumatsegula WhatsApp, mumalemba "mwauka bwanji amai", iwo amayankha "tauka bwino kaya inu", basi nkhani yathera pompo, ndalama simunaitchule. Ena amapirira mwezi wathunthu kenako tsiku lina amaphulika ndi meseji yaukali yomwe imathamangitsa kasitomala ndi abale ake onse.

Chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi, ulemu uli m'kaitanidwe ka munthu ndi nthawi yomwe mwamulembera, osati m'kubisa nambala ya ndalama. Meseji yabwino imatchula ntchito, ndalama, tsiku ndi njira yolipirira, ndipo imafunsa funso limodzi lokha.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tinene kuti Yotamu ndi mnyamata wojambula zithunzi, anajambula phwando la kicheni pate ku Kapata mu Chipata pa Chiweru, 16 Ogasiti. Anagwirizana K2,400 ndi amai Phiri, amake a mwini phwando. Dipoziti anapereka K1,000, zithunzi zonse anazilandira pa 20 Ogasiti, ndipo anati yotsala K1,400 apereka pa 31 Ogasiti akalandira. Manje ndi pa 2 Sepitembala, palibe chabwera.

## Zofunika kukhala nazo musanalembe

- Meseji kapena pepala lomwe munagwirizanapo mtengo ndi tsiku lolipira. Ngati munangolankhula pakamwa, lembani pambali zomwe mukukumbukira ndi dzina la yemwe analipo.
- Meseji ya dipoziti yomwe inalowa mufoni, kapena risiti.
- Tsiku lomwe munapereka ntchito, ndi yankho lawo loti alandira.
- Nambala yanu ya Airtel Money kapena MTN MoMo, ndi dzina lomwe limatuluka munthu akamatumiza.
- Ngati ndi ofesi kapena bungwe, invoisi yokhala ndi nambala yake, tsiku, ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku ZRA.
- Mutu wozizira. Ngati alandilodi angochoka kumene pakhomo panu kufunsa renti, dikirani kaye ola limodzi.

## Sitepe 1: Werengani ndalama, ndipo onani ngati siinalowe kale

Tengani mtengo, chotsani dipoziti ndi chilichonse chomwe anakupatsani pakati. Kwa Yotamu ndi K2,400 kuchotsa K1,000, yatsala K1,400. Zikuoneka zophweka koma samalani ndi tindalama tating'ono, mwina tsiku la phwando amai Phiri anampatsa K100 ya takisi, kodi inali mphatso kapena mbali ya malipiro? Ganizani pasadakhale, chifukwa mukalemba K1,400 iwo n'kuyankha kuti "nanga ija ndinakupatsa ija", nkhani imachoka pa tsiku lolipira n'kupita pa kukangana K100, sabata ina n'kutha.

Kenako lowani mu akaunti muone balansi yeniyeni ndi zomwe zalowa masiku apitawa. Meseji ya ndalama nthawi zina imachedwa kapena imakwiririka m'mameseji a mabando, komanso anthu amatumiza kudzera pa kabuthi kapena pa foni ya mwana wao, dzina lotuluka n'kukhala lachilendo. Kukumbutsa munthu yemwe analipira kale kumachititsa manyazi, ndipo ulendo wina sakukhulupiriraninso.

## Sitepe 2: Lemberani munthu woyenera, payekha

Lemberani yemwe munagwirizana naye mtengo. Pa maphwando pamakhala komiti ndi gulupu yake ya WhatsApp, ndipo chiyeso chimakhala chachikulu choti mungoponya m'gulumo kuti onse aone. Musatero. Amai Phiri akachita manyazi pamaso pa azimai anzao a kutchalitchi akhoza kulipira inde, koma dzina lanu lidzayenda Kapata yonse kuti ndinu mwana wamwano, ndipo ntchito zathuzi zimabwera kudzera mwa azimai omwewo.

Musalemberenso mkwatibwi ngati si iye anakulembani ntchito. Mwina sadziwa n'komwe kuti amake sanamalize.

## Sitepe 3: Sankhani tsiku ndi ola

Tsiku lolipira likadutsa dikirani tsiku limodzi kapena awiri, osapitirira atatu. Kulemba tsiku lomwelo m'mawa kumaoneka ngati simuwakhulupirira, koma kudikira masabata atatu kumawaphunzitsa kuti tsiku lija linali longonena. Yotamu akulemba pa Chiwiri, 2 Sepitembala, chifukwa pa 31 panali pa Sondo.

Ola labwino ndi pakati pa 9 ndi 11 awazi, munthu atakhazikika, mabuthi ali otsegula, akhoza kutuma mwana nthawi yomweyo. Usiku wa 22 awazi ayi, pa Sondo m'mawa ayi. Ndipo ngati mwamva kuti pakhomo pao pagwa maliro, ikani foni pansi. Pitani kukapepesa ngati mumadziwana, za ndalama mudzanene maliro atapita ndipo anthu abalalika.

Ganiziraninso komwe kasitomala amapeza ndalama. Wa pa ntchito amakhala nayo kumapeto kwa mwezi ndipo pofika pa 10 yatha, ndiye mukachedwa mwagwera mwezi wina. Mlimi wa ku Chadiza kapena Katete amakhala nayo akagulitsa mbewu. Kuyamba kwa Sepitembala masukulu akutsegula temu yachitatu, ndiye Yotamu ayembekezere kumva za mayunifomu ndi golosale ya ana a ku boding'i.

## Sitepe 4: Lembani meseji yoyamba

Apa tikhalitsepo. Meseji ya Yotamu ikhale chonchi:

> Mwauka bwanji amai Phiri? Ndine Yotamu wa zithunzi za kicheni pate ya pa 16 Ogasiti. Ndikhulupirira zithunzi zija mwazikonda. Ndimati ndikukumbutseni za balansi ya K1,400 yomwe tinagwirizana kuti ilowe pa 31 Ogasiti, pa K2,400 munapereka kale K1,000. Mukhoza kutumiza pa Airtel Money pa nambala yomwe ino, dzina lituluka langa lomweli. Kodi mungakwanitse pofika pa Chisanu, 5 Sepitembala? Zikomo kwambiri amai.

Yang'anani bwino. Moni ndi nkhani zili mu meseji imodzi. Ichi ndiye chachikulu, chifukwa mukatumiza moni wokha n'kudikira, munthu wodziwa kuti ali ndi nkhongole amaona dzina lanu n'kusiya osatsegula, kapena amayankha moniwo n'kuzimitsa data. Kwathu kuno sitilowa m'nkhani osapereka moni, zoona, koma pa foni moni ndi mzere woyamba chabe, si tsiku loyamba.

Wadzitchula dzina ndi ntchito, ngakhale amadziwana, chifukwa mwezi umenewo amai Phiri alankhula ndi wa tenti, wa keke, wa zoimbira, wa mipando, ndipo mwina onsewo akufuna balansi. Wawakumbutsa kuti K1,000 anapereka kale, izi zimafewetsa mtima, munthu amaona kuti simunaiwale zabwino zake, komanso masamu ali poyera palibe chokangana.

Mawu akuti "tinagwirizana" ndi abwino kuposa "munalonjeza". Loyambalo likuti tonse tinali pamodzi, lachiwirilo likuloza chala. Chimodzimodzi "ndimati ndikukumbutseni" likupatsa munthu khomo lotulukira mwaulemu, akhoza kunena kuti iii ndinaiwala mwanawe, ngakhale nonse mukudziwa kuti sanaiwale. Musiyeni atulukire pamenepo, inu mukufuna K1,400 osati kuti avomere kulakwa.

Funso ndi limodzi ndipo lili ndi tsiku. "Mudzanditumizira liti?" yankho lake ndi "posachedwa" kapena "ndikuonapo", zomwe si tsiku. "Mungakwanitse pofika pa Chisanu?" yankho lake ndi inde kapena ayi, ndipo akati ayi amakakamizika kutchula tsiku lina yekha.

Za dzina lotuluka, ngati nambala yanu inalembetsedwa m'dzina la achemwali anu, nenani. Anthu amaopa akuba a pa foni, akaona dzina lachilendo amaleka kutumiza, ndipo apeza chifukwa chabwino chochedwera.

Chomwe mulibe mu mesejiyi ndi mavuto a Yotamu. Palibe za renti, palibe za mwana wodwala, palibe "ndithandizeniko". Mukangolemba "ndithandizeniko" ndalama yanu yasanduka chithandizo, ndipo chithandizo munthu amapereka akafuna komanso mochepa momwe wafunira, K200 n'kumati gwirizira kaye. Palibenso "pepani kukuvutitsani" katatu. Kamodzi mukhoza ngati ndi munthu wamkulu kwambiri, koma simunalakwe kanthu.

Kaitanidwe kasinthe malinga ndi munthu. Bambo wamkulu ndi "a Tembo" kapena "atate", mai yemwe mumazolowerana naye mukhoza kuti "amake Taonga", ndipo onsewa ndi "inu" ndi "mu-", osati "iwe". Mnzanu wa msinkhu umodzi mukhoza kufewetsa, koma nambala ndi tsiku zikhalebe. Chenjerani ndi a mbuya athu a Chibemba, chimbuya ndi chokoma koma mukaika nthabwala mu meseji ya ndalama adzakuyankhani ndi nthabwala inzake ya mbewa, museka nonse, balansi ili pomwepo. Sekani mu meseji ina.

Lembani, osatumiza mawu ojambula. Mawu ojambula munthu amati ndimvera ndikafika kunyumba, ndipo nambala zake sizioneka ndi maso mukadzafuna umboni.

## Sitepe 5: Mukatumiza, khalani chete

Tizizindikiro tiwiri tabuluu taoneka, yankho palibe. Musatumize "??", musatumize "amai mwaona?", musaimbe kasanu. Munapereka mpaka pa Chisanu, lemekezani tsiku lanu lomwe. Komanso musaike pa sitetasi mawu ozungulira onena anthu osalipira, amadziwa kuti mukunena iwo.

## Sitepe 6: Yankho likabwera, lisandutseni tsiku ndi nambala

Mayankho ambiri amakhala a mitundu itatu, ndipo mukhoza kudziwa vuto lenileni pa momwe ayankhira.

Wina amati zinthu zavuta. Tinene amai Phiri ayankha kuti, mwanawe pepa ana apita kusukulu ndatsala opanda kanthu, ndikuona kumapeto kwa mwezi. Uyu sakukana, alibe chabe. Musakane, komanso musangoti chabwino amai. Gawani ndalamayo:

> Ndamva amai, za sukulu n'zosazemba. Nanga tichite chonchi, K600 pa Chisanu 12 Sepitembala, yotsala K800 pa 30 Sepitembala. Ngati zili bwino mungoyankha kuti inde ndilembe m'buku.

"Inde" wao wolembedwayo ndi wofunika kwambiri, avomera ndalama ndi masiku ndi dzanja lao. Akati K600 yachuluka, landirani K400, bola kanthu kalowe msanga, munthu yemwe wayamba kulipira kawirikawiri amamaliza, wovuta ndi yemwe sanayambe. Magawo asapitirire awiri kapena atatu, mukalola ya K100 K100 mudzatopa ndinu.

Wina amatulukira ndi dandaulo, zithunzi zina zinada, apongozi sakuoneka bwino. Funsani kuti ndi ziti, atumize manambala ake. Ngati dandaulo ndi loona konzani ndipo nenani tsiku lomwe mudzapereke, n'kubwereza kuti balansi ilowe tsiku lomwelo. Koma ngati pa 20 Ogasiti analemba kuti zakongola kwambiri ndipo dandaulo labadwa lero mutatchula ndalama, ndiye mukudziwa kuti vuto si zithunzi. Musakangane, yankhani pa meseji yao yakale ija kuti ioneke pamwamba, n'kunena mofatsa kuti ziwiri zitatu mukhoza kuzikonza koma mtengo ndi womwe uja.

Wachitatu amati ndatumiza kale, mwina ndi sikirinishoti yomwe. Onani balansi mu akaunti yanu, osati chithunzicho. Ngati siinalowe pemphani nambala ya tiranzakishoni ndi nambala ya foni yomwe anatumizako, nthawi zina munthu amaphonya nambala imodzi ndalama n'kupita kwa wina, ndipo amene ayenera kuimbira kampani ya foni msanga ndi wotumizayo.

## Sitepe 7: Meseji yachiwiri, kenako foni

Tinene kuti Chisanu chija cha pa 5 Sepitembala chadutsa osayankha. Pa Mande kapena pa Chiwiri lembaninso, mwachidule kuposa poyamba, poyankha pa meseji yanu yoyamba ija:

> Mwachoma bwanji amai Phiri. Ndikutsatira meseji yanga ya pa 2 Sepitembala, balansi ya K1,400 sinalowe mpaka lero. Ngati pali chovuta ndiuzeni tipangane. Ndikuimbirani mawa cha m'ma 10 awazi.

Ndipo mawa lake imbanidi, 10 awazi yomweyo. Pa foni perekani moni, tchulani nkhani, funsani tsiku, kenako khalani chete muwasiye alankhule, ambiri timaopa kachetechete kaja n'kuyamba kudzichotsera tokha mtengo munthu asanapemphe. Mukamaliza lembani pa WhatsApp zomwe mwagwirizana, "monga talankhulira amai, K1,400 pa 15 Sepitembala, zikomo". Za pakamwa zokha mawa zimasintha.

## Sitepe 8: Meseji yomaliza

Iyi imabwera patapita sabata ina kapena awiri, malonjezo ataphonyedwa kawiri. Ulemu ukhalepo koma zokometsera zichoke:

> Amai Phiri, ndalemba pa 2 ndi pa 9 Sepitembala ndipo tinalankhula pa foni pa 10. Balansi ya K1,400 ikadalipo. Ndikupempha ilowe pofika pa 30 Sepitembala. Ikapanda kulowa ndidzapempha a Zulu omwe anatilumikiza kuti tikhale pansi atatu. Zikomo.

Tchulani chokhacho chomwe mudzachitedi. Kwathu kuno munthu wapakati, yemwe anakudziwitsani kwa kasitomala kapena wamkulu yemwe nonse mumamulemekeza, amagwira ntchito kuposa kuopseza, chifukwa naye dzina lake lili pamenepo. Khoti ilipo ngati zafika poipa, ndipo mameseji onse aja ndiwo umboni wanu, ndiye musafufute kalikonse, koma pa K1,400 werengani kaye masiku a ntchito omwe mudzataye poyendera mlandu. Kuopseza ndi apolisi siyani, nkhongole ya ntchito si nkhani yomangitsa munthu, ndipo kasitomala wodziwa zinthu adzangokusekani.

## Ngati kasitomala ndi ofesi kapena bungwe

Apa nkhani imasiyana pang'ono. Yemwe anakupatsani ntchito kawirikawiri si amene amatulutsa ndalama, pepala lanu limadutsa kwa a akaunti ndi kwa osainira, ndipo likhoza kugona pa tebulo chifukwa palibe TPIN, kapena dzina la pa invoisi lasiyana ndi la ku banki, kapena wosainira mmodzi ali ku wekishopu ku Lusaka. Ndiye funso lanu lisakhale loti mudzalipira liti, likhale loti pepala lili pati:

> Mwauka bwanji a Mwale. Ndikutsatira invoisi nambala 014 ya K3,500 ya maposita, yomwe ndinapereka pa 4 Ogasiti. Ndaitumizanso pano. Kodi yafika kwa a akaunti, ndipo pali pepala lina lomwe likusowa kumbali yanga?

Tumizaninso invoisiyo ngati PDF nthawi iliyonse mukalemba, kuti wina asanene kuti yasowa. Pemphani dzina la wa akaunti, ndipo funsani masiku omwe amalipira, maofesi ena ali ndi tsiku lao pa sabata kapena pa mwezi, mukaliphonya mudikira lina. A Mwale musawakalipire, ndi iwo okha angakunyamulireni pepala kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kulemba "kaja kanthu kaja" m'malo mwa nambala. Kanthu kaja kakhoza kukhala K300 m'mutu mwao.

Kuonjezera chindapusa cha kuchedwa chomwe simunagwirizane poyamba. Mukalemba kuti manje yakwera kufika K1,600 mwawapatsa chifukwa chokanira zonse. Ngati mukufuna lamulo limenelo liikeni pa ntchito yotsatira, musanayambe. Chimodzimodzi ndalama yotapira pa kabuthi, ngati simunanene kale kuti aikepo, ilipireni nokha.

Kudzichotsera mtengo chifukwa cha manyazi, "olo K1,000 chabe amai". Akakutumizirani anzao, adzawauzanso kuti mnyamata uja ukamuchedwetsa amatsitsa.

Kulandira ntchito ina kwa munthu yemweyo yakale isanathe. Amai Phiri akati bwera udzajambulenso ukwati mu Okutobala tidzalipira zonse pamodzi, yankho ndi loti ndibwera ndi mtima wonse amai, timalize kaye K1,400 ija ndiye tikambe dipoziti ya ukwati.

Kuika nkhope ya munthu pa Facebook ndi mawu oti wakuba. Mlandu ukhoza kutembenukira inu wa kuipitsa dzina, ndipo makasitomala ena omwe akuona amayamba kukuopani.

Kufika pakhomo kapena pa ntchito pao osanena. Ngati mukufuna kuonana pamaso, pemphani kaye pa meseji ndipo mutchule ola.

Kuiwala kutseka nkhani ndalama ikalowa. Lembani nthawi yomweyo kuti "ndalandira K600 amai zikomo, yatsala K800 ya pa 30 Sepitembala", ndipo yomaliza ikalowa nenani kuti zonse zatha palibe chotsala. Pa ntchito yotsatira perekani zithunzi zochepa zokhala ndi chidindo chanu pakati kuti aone, zonse zoyera muzipereka balansi italowa, ndipo muwauze zimenezi tsiku lolandira dipoziti osati tsiku lopereka ntchito.